Chithunzi cha agogo pakhonde la sitolo: chinajambulidwa chaka chanji?

*"Tinapeza chithunzi cha malemu agogo aamuna m'sutikesi yawo, kumbuyo kwake sikunalembedwe kanthu. Ndi chosakhala cha kala. Aima pakhonde la sitolo ya mmwenye pa boma la Ntcheu, wailesi ili m'manja, ndipo chakumbuyo kuli Land Rover. Amalume akuti ndi 1966, chaka chimene agogo anabwera ku Joni ndi wailesiyo. Azakhali akuti ayi, ndi m'ma 1980. Ndakutumizirani pa foni. Kodi zimene zikuoneka pamenepo zingatiuze zoona?" — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Zikomo mayi, chithunzi chija ndachilandira ndipo ndachikulitsa pa kompyuta mpaka pamene chinayamba kuphwanyika. Mmene ndikuonera, chinajambulidwa pakati pa 1971 ndi 1978, ndipo mkati mwa zaka zimenezi ndikutsamira kwambiri kumayambiriro, 1971 mpaka cha m'ma 1974. Ndikuyendetsani m'njira imene ndadutsa kuti mukathe kufotokozera amalume ndi azakhali, komanso kuti muone pamene phazi langa laponda polimba ndi pamene laponda pofewa.

Chinthu chilichonse chooneka pa chithunzi chili ndi chaka chimene chinayamba kupezeka. Chithunzi sichingakhale chakale kuposa chinthu chatsopano kwambiri chimene chilipo. Zikapezeka zinthu khumi za m'ma 1950 ndi chimodzi chokha cha 1971, chimodzicho ndiye chimalamula, khumi zinazo zimangokhala mboni zakuti anthu ankasunga katundu. Ndipo kwathu kuno timasungadi. Galimoto imene ku Ulaya ikanatayidwa kale imayenda zaka makumi atatu, jekete la bambo limavalidwa ndi mwana, wailesi imakonzedwa mpaka mwini wake atamwalira. N'chifukwa chake kupeza malire akumunsi, chaka chimene chithunzi sichingapitirire kubwerera m'mbuyo, n'kosavuta. Malire akumtunda ndiwo amavuta, chifukwa pamafunika chinthu chimene chinasowa mwadzidzidzi, osati chimene chinangotha pang'onopang'ono.

Maso a aliyense amathamangira pa galimoto, choncho tiyambire pomwepo. Land Rover zakale zija zinkasintha pang'ono kwambiri maonekedwe, koma pali malo awiri oyenera kuyang'ana. Oyamba ndi nyali zakutsogolo. Pa zakale, nyali ziwirizo zinkakhala moyandikana pakati, m'mbali mwa mawaya otchinga rediyeta, moti galimotoyo imaoneka ngati ya maso oyandikana. Cha m'ma 1968 ndi 1969 kampaniyo inazichotsa pakatipo n'kuziika kunja, pa madigadi. Pa chithunzi chanu, nyali imene ikuoneka kuseri kwa phewa la agogo ili pa digadi, kutali ndi pakati. Apa pokha 1966 yagwa, chifukwa galimoto yooneka chonchi inali isanapangidwe.

Malo achiwiri ndi chotchinga rediyeta chija. Mtundu wa Series IIA, umene unapangidwa kuyambira 1961 mpaka 1971, unali ndi chotchinga cha mawaya achitsulo. Series III, imene inatuluka chakumapeto kwa 1971 ndipo inapangidwa mpaka 1985, inali ndi cha pulasitiki chokhala ndi mizere yokhuthala. Mahinjesi a zitseko nawonso amasiyana: a IIA amatuluka kunja ngati chibakera, a Series III ndi afulati. Pa chithunzi chimene ndili nacho pamenepo pali mthunzi wa denga la khonde, ndipo foni yapafinya kwambiri. Ndibwereranso pa zimenezi kumapeto, chifukwa mungathe kundithandiza.

Galimoto yatipatsa chaka choyambira basi. Land Rover yoteroyo mukanaipeza itaima pa boma mu 1975, mu 1985, ngakhale mu 1995. N'chimodzimodzi ndi Peugeot 404 ndi 504 zimene zimapezeka pa zithunzi zambiri za mabanja athu. 404 inatuluka mu 1960 ndipo 504 mu 1968, koma zonse ziwiri zinapitiriza kupangidwa ku Kenya zaka zambiri ku France atazisiya. Munthu akaona 504 n'kunena kuti "ichi ndi cha m'ma 1970" akhoza kuphonya ndi zaka makumi awiri.

Chimene chinandigwira mtima pa chithunzi chanu si galimoto, ndi kabolodi kakang'ono kotsamira nsanamira ya khonde, kumanzere kwa mwendo wa agogo. Mwina simunakaone n'komwe. Ndi bolodi lakuda lolembedwa ndi choko. Dzina la katundu silikuwerengeka, koma kumapeto kwa mzere wachiwiri kukuoneka nambala 15, yotsatidwa ndi chilembo chimodzi chaching'ono choima chilili.

Chilembo chimenecho chikhoza kukhala t kapena d, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Mpaka kumayambiriro kwa 1971 dziko lino linkagwiritsa ntchito mapaundi, masheleni ndi makobiri, ndipo chizindikiro cha kobiri polemba chinali d. Mu February 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, makwacha awiri kukhala paundi imodzi, matambala khumi kukhala sheleni imodzi. Pa choko chofufutika, t ndi d zimafanana ndithu. Koma nambalayo imatithandiza. Sheleni imodzi inali makobiri 12, choncho wamalonda sankalemba makobiri 15. Akanalemba 1/3, kutanthauza sheleni imodzi ndi makobiri atatu, ndi kamzere kopendekeka pakati. Mtengo wa hafukoloni unkalembedwa 2/6. Mukaona nambala yoposa 11 itaima yokha kutsogolo kwa chilembo, popanda kamzere kaja, ndiye kuti ndi matambala. 15 wathuyo ndi 15t, ndipo chithunzi sichingakhale cha chaka cha 1971 chisanafike.

Umboni wa mtundu uwu ndimaukhulupirira kuposa wa galimoto, chifukwa ndalama zimasintha dziko lonse nthawi imodzi, ndipo choko sichikhalitsa. Bolodi la mitengo limafufutidwa sabata ndi sabata, choncho zimene zalembedwapo ndi za masiku omwewo. Pakamwa anthu anapitiriza kunena "sheleni" kwa zaka zambiri, agogo ena mpaka lero, koma polemba mtengo wasitolo ankatsata ndalama imene ili m'kabati. Kwa amene ali ndi zithunzi za ku Chipata kapena ku Migodi, chaka n'china: Zambia inayamba kwacha ndi ngwee mu 1968, ndipo chilembo chake ndi n. Ku Rhodesia dola inabwera mu 1970, ku South Africa randi mu 1961. Abale athu ambiri anajambulitsa kumeneko, choncho yambani mwadziwa kaye dziko limene chithunzicho chinajambulidwira.

Tsopano malire akumtunda, amene ndinati ndi ovuta. Pano tili ndi mwayi, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene zinachotsedwa ndi lamulo.

Choyamba ndi sitoloyo. Kuyambira cha m'ma 1970 boma la Kamuzu linayamba kuchotsa amalonda achimwenye m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, monga Blantyre ndi Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Nyumba zawo za makonde aatali zija zinatsala, zina n'kutengedwa ndi eni dziko, zina n'kugwa. Chikwangwani chokha sichikanandikhutiritsa, chifukwa dzina lopentedwa pakhoma limakhala zaka zambiri mwini wake atapita. M'maboma ena mungawerengebe mayina otere mpaka pano. Koma pa chithunzi chanu chitseko n'chotsegula, nsalu zapachikidwa, ndipo pakhomo paima bambo wachimwenye atapinda manja, akuyang'ana wojambula monga mwini malo. Telala ali pa makina ake kumapeto kwa khonde. Sitoloyi ikugwira ntchito ndipo mwini wake alipo. Zimenezi pa Ntcheu m'ma 1980 sizikanatheka, ndiye maganizo a azakhali nawonso agwa.

Chachiwiri ndi buluku la agogo, ndipo apa ndinachedwapo ndithu. Mu 1973 kunakhazikitsidwa lamulo la kavalidwe limene linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi madiresi oonetsa mawondo. Amuna nawo sanasiyidwe: tsitsi lalitali linaletsedwa, ndipo lamulo lija linawonjezeredwa kuti liletsenso mabuluku otambalala kumunsi, mabelubotomu aja. Olemba lamulowo anafika poika muyeso. Buluku linkatengedwa kuti ndi belubotomu ngati kukamwa kwa mwendo wake kukuposa magawo asanu ndi limodzi pamene malo opapatiza kwambiri a mwendowo ali magawo asanu. Ndinaika rula pa sikirini. Pa bondo la agogo mwendo wa buluku ndi mamilimita 11, pansi pophimba nsapato ndi 15. Malire a lamulo akanakhala 13 ndi kachidutswa. Buluku ili ladutsa muyeso bwinobwino.

Umboni umenewu ndi wofewa kusiyana ndi wa ndalama. Lamulo silifika paliponse tsiku limodzi, ndipo munthu amene wagula buluku lake ndi thukuta salitaya msanga. Komabe taonani pamene agogo aima: pa boma, masana, pamsewu waukulu, malo amene ayufi ndi apayoniya sankasowa. Munthu sakanaima pamenepo mosatekeseka, n'kuitana wojambula, atavala chovala choletsedwa. Ichi ndicho chikundikokera ku zaka za 1971 mpaka cha m'ma 1974, kusiyana ndi 1977.

Lamulo lomweli ndi chida chachikulu pa zithunzi za amayi. Linachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu. Mukaona mayi wachimalawi atavala thalauza pamsewu wa mu Limbe kapena pa msika wa Lilongwe, pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti chithunzicho ndi cha pambuyo pa 1993, kapena sichinajambulidwe m'dziko muno. Chitenje ndi duku zokha sizinena chaka, pokhapokha ngati nsaluyo ili ndi nkhope kapena mawu. Nsalu ya chipani, ya msonkhano wa mpingo, ya ulendo wa Papa Yohane Paulo Wachiwiri amene anabwera mu 1989, zimenezi zimapereka chaka choyambira chenicheni. Koma nazonso zimasungidwa m'sutikesi n'kuvalidwa patapita zaka khumi.

Nanga wailesi, imene amalume aikapo mtima? Ndikukhulupirira kuti amalume akunena zoona pa wailesiyo. Ndi ya mabatire, ya chogwirira pamwamba, yopanda malo oikamo kaseti, ndipo mawailesi otere analipo kale mu 1966. Chimene chachitika n'chakuti chaka cha wailesi chasanduka chaka cha chithunzi m'chikumbumtima cha banja. Zimachitika kawirikawiri. Munthu amakumbukira tsiku limene chinthu chinalowa m'nyumba, ndiye chithunzi chilichonse chimene chinthucho chikuonekapo amachikokera ku tsiku limenelo. Wailesi yogulidwa mu 1966 inali ikadali chuma chonyadira mu 1972.

Pali chenjezo lina pa zinthu zonyamula m'manja. Ojambula ambiri, makamaka a m'masitudiyo, ankasunga wailesi, wotchi, magalasi akuda, jekete, ngakhale foni yapatebulo yopanda waya, zobwereka makasitomala kuti aoneke bwino. Ndinaonapo zithunzi zitatu za mabanja osadziwana, onse atagwira wailesi imodzimodzi yothyoka nsonga ya eriyo. Chinthu chotere chimanena za wojambula, osati za wojambulidwa. Kwa agogo anu vutoli ndi laling'ono poti ali panja ndipo banja likuidziwa wailesiyo.

Mukawafunsenso amalume ngati agogo anapita ku Joni kamodzi kokha. Amuna ambiri ankapita ndi Wenela maulendo awiri kapena atatu. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Amene anali kumeneko anabwerera ambirimbiri m'miyezi yotsatira. Ngati agogo anali ndi ulendo wachiwiri umene unatha pakati pa 1971 ndi 1974, ndiye kuti buluku lija lapeza kochokera, ndipo mawu a amalume akuti "atangobwera ku Joni" akhala oona, kungoti ulendo wake ndi wina.

Kusakhala kwa kala musakuwerengere. Ojambula oyenda pa njinga m'midzi ndi m'maboma anapitiriza kutsuka zithunzi zakuda ndi zoyera mpaka m'ma 1980, chifukwa ankatha kuzitsuka okha m'kachipinda kamdima, pamene za kala zinkafuna makina a m'tauni. Komanso dziwani kuti tsiku lotsuka si tsiku lojambula. Filimu inkatha kukhala mu kamera miyezi, ndipo chithunzi chokondedwa chinkatsukidwanso patapita zaka. Chidindo cha situdiyo kumbuyo, chikanakhalapo, chikanatipatsa malire akumtunda okha.

M'sutikesimo muyenera kuti muli zithunzi zina, ndiye ndikupatseniko zizindikiro zingapo zimene ndimadalira, zonse za mtundu wa mayina osintha. Chikwangwani cha ADMARC sichingakhale cha 1971 isanafike, chifukwa kale bungwelo linali Farmers Marketing Board. National Bank of Malawi nayo inayamba mu 1971, mabanki a Barclays ndi Standard ataphatikizana. Botolo kapena chikwangwani cha Carlsberg yofululidwa kuno chimayambira 1968. Basi yolembedwa UTM ndi yakale kuposa ya mizeremizere ya Stagecoach, imene inagula kampaniyo mu 1989, ndipo Shire Bus Lines inabwera pambuyo pa Stagecoach chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kalembedwe ka mayina a malo kamathandizanso, ngakhale mosalongosoka kwenikweni: Fort Johnston, Port Herald ndi Fort Manning ndi mayina a nthawi ya atsamunda a Mangochi, Nsanje ndi Mchinji, ndipo Cholo, Mlanje ndi Ncheu ndi kalembedwe kakale. Zikwangwani zakale zinkachedwa kuchotsedwa, choncho dzina latsopano ndi umboni wamphamvu kuposa dzina lakale.

Pa zithunzi za masiku ano ntchito imapepuka chifukwa makampani a mafoni anapenta dziko lonse. Celtel inayamba mu 1999, inasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Golosale yopentedwa Zain, penti ikadali yowala, imakupatsani zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Mbendera nayo inachita chimodzimodzi: ya dzuwa loyera lathunthu inauluka kuyambira pakati pa 2010 mpaka pakati pa 2012, pamene ya dzuwa lofiira lotuluka inabwezeretsedwa. Foni ya m'manja ya munthu ndi yofooka ngati wailesi ya agogo, chifukwa mafoni ambiri anafika kuno atagwira kale ntchito kwina.

Nambala za galimoto anthu amazikhulupirira mopitirira. N'zoona kuti zilembo monga BA, BB, BC zinkatsatana, moti mukakhala ndi zithunzi zina za chaka chodziwika mungayerekeze. Koma nambala imanena chaka chimene galimoto inalembetsedwa kuno, osati chimene inapangidwa, ndiponso osati chimene inajambulidwa. Pa chithunzi chanu nambala yabisika ndi mwendo wa mnyamata amene watsamira bampala, choncho sitinatayepo kanthu.

Chinthu chimodzi chimene ndimayang'ana ndisanayambe zonsezi ndi chakuti kaya chithunzi chinatsukidwa chotembenuka. Negativi ikaikidwa chagada, kumanja kumakhala kumanzere, ndipo chiwongolero chimaoneka mbali yolakwika, munthu n'kuganiza kuti ndi ku Congo pamene ndi pa Ntcheu pomwe. Chanu chili bwino: manambala a pa bolodi akuwerengeka molunjika, ndipo mabatani a malaya a agogo ali mbali yoyenera malaya achimuna.

Tsopano pempho langa lija. Chithunzi chimene ndalandira chinajambulidwa ndi foni kenako n'kutumizidwa pa WhatsApp, imene imachepetsa zithunzi kuti zipepuke, ndipo tinthu tating'ono ndi timene timayamba kutayika. Pitani nacho pamalo pamene pali sikana, muwauze aike pa `1200 dpi`, asankhe kala ngakhale chithunzicho chilibe kala, asakonze kuwala kapena kuchotsa madontho, ndipo asunge ngati `TIFF` kapena `PNG`. Ajambule ndi kumbuyo komwe, ngakhale kukuoneka koyera, chifukwa nthawi zina pamakhala dzina la pepala kapena nambala ya pensulo yofufutika. Potumiza, sankhani `Document` m'malo mwa `Gallery` kuti chifike chathunthu. Musachipake mafuta, musachinyowetse, ndipo musalole kuti achimate pulasitiki yotentha ija, chifukwa sichidzamatukanso.

Chikafika chonchi ndidzayang'ana malo atatu. Chotchinga rediyeta chikakhala cha pulasitiki, malire akumunsi asunthira kumapeto kwa 1971, ndipo poganizira nthawi yoti galimoto ifike kuno pa sitima ndi njanji, tinganene 1972. Chilembo cha pa bolodi ndikufuna ndichione ndi maso kuti ndi t. Ndipo mkati mwa chitseko, pamwamba pa mutu wa mwini sitolo, pali kanthu koyera ka makona anayi kamene kakuoneka ngati kalendala. Masitolo ankasintha kalendala chaka ndi chaka, choncho ngakhale chaka chisawerengeke, kungoona tsiku la sabata limene mwezi wayambira ndi kuchuluka kwa masiku ake kungatichotsere zaka zingapo pa zisanu ndi zitatu zimene tatsala nazo.

Pakadali pano, lembani pa envelopu yosungiramo, osati pa chithunzi penipeni, ndi pensulo yofewa: "Ntcheu, pakati pa 1971 ndi 1978, mwina 1971–1974", ndipo pansi pake mulembe zifukwa zake mwachidule: mtengo wa matambala, nyali za Land Rover, mwini sitolo pakhomo, buluku. Mukapita kwa amalume mutenge chithunzicho, muwaloze mnyamata wotsamira bampala uja ndi telala wa pakhonde. Ngati mnyamatayo ndi wa m'banja mwanu ndipo chaka chake chobadwa chikudziwika, msinkhu wake pa chithunzipo utipatsa chaka molondola kuposa galimoto ndi buluku.